Kujambula ana m'mphepete mwa nyanja: kuunika zoopsa ndi kukonza ndondomeko ya chitetezo

Kamera ikayamba kujambula, aliyense pamalopo amayang'ana chinthu chimodzi. Dairekita amayang'ana monita, wojambula amayang'ana mu lenzi, wa mawu amamvetsera zimene zikulowa m'makutu mwake, ndipo mayi amene wabwera ndi mwana amasuzumira pa monita yomweyo kuti aone mmene mwana wake akuonekera. Anthu akhoza kukhalapo khumi ndi asanu, koma wopenyetsetsa mwanayo osakhalapo ndi mmodzi yemwe. Mwana akamamira sakuwa kapena kugwedeza manja ngati mmene timaonetsera m'mafilimu. Pakamwa pake pamalowa ndi kutuluka m'madzi mofulumira moti sapeza mpata wofuula, ndipo akhoza kumira mphindi imodzi isanakwane. Ndondomeko yonse ya chitetezo imakonzedwa pofuna kutseka mpata umenewu woti mwana akhale wopanda womupenyetsetsa.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, titsatira chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mukujambula filimu yaifupi ku Senga Bay m'boma la Salima, mwezi wa Julaye. Sikiriputi ikuti mtsikana wa zaka 9 ndi mlongo wake wa zaka 7 athamangira ku gombe, mnyamatayo akwera bwato la bambo ake, bwatolo liyamba kutengeka, iye aimirira ndi mantha kenako agwera m'madzi. Gulu lanu ndi la anthu 12, mukuchokera ku Lilongwe pa minibasi.

Choyamba, duladulani nkhaniyo m'mashoti

Musaunike zoopsa za "tsiku la ku nyanja" lonse pamodzi, chifukwa mudzangolemba kuti madzi ndi oopsa basi, zomwe sizithandiza aliyense. Khalani pansi ndi dairekita ndi wojambula, mulembe shoti iliyonse payokha, ndipo pa iliyonse muyankhe mafunso atatu: mwana ali pati, akuchita chiyani, ndipo wamkulu amene wamuyandikira kwambiri ali pa mtunda wotalika bwanji.

Pa chitsanzo chathu patuluka mashoti asanu. Ana akuthamanga pamchenga. Mnyamata akukwera bwato. Bwato likutengeka mnyamata ali momwemo. Mnyamata akugwa. Nkhope ya mnyamata ili m'madzi. Mukawalemba chonchi mumaona nthawi yomweyo kuti shoti yoyamba vuto lake ndi mbedza ndi magalasi osweka mumchenga, pamene yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ndi zimene zingathe kupha mwana. Nthawi yanu yambiri ithere pa zitatuzo.

Chachiwiri, pitani pamalopo tsiku lojambula lisanafike

Zithunzi za pa foni zimene mnzanu anakutumizirani si zokwanira. Pitani nokha, ndipo mukafike pa ola lomwelo limene mukufuna kudzajambula, pakuti gombe limodzi lomwelo limasintha nkhope pakati pa m'mawa ndi masana. Yambirani kwa amfumu, kenako kwa a komiti ya pa doko. Kupatula ulemu, awa ndi anthu amene amadziwa madziwo kuposa wina aliyense amene mungabwere naye kuchokera m'tauni. Ngati malo amene mwasankha ali m'dera la paki, monga mbali zina za ku Cape Maclear, mudzafunikanso chilolezo cha a nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire.

Asodzi afunseni mafunso olunjika. Kodi ng'ona kapena mvuu inaoneka liti komaliza kuno, ndipo inaonekera pati? Kodi pali pamene pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi? Maboti a injini amakocheza pati ndipo amabwera nthawi yanji? Mwera ukayamba, mafunde amafika pati pamchenga? Funso loti "kuno n'kotetezeka?" musalifunse n'komwe, chifukwa munthu amene wakulira m'madzi amenewo adzakuyankhani kuti inde, ndipo kwa iye ndi zoona. Ana ake anaphunzira kusambira asanayambe sukulu. Ana anu a ku Area 25 sali choncho.

Malo amene ali pafupi ndi mathiriro a mtsinje kapena pamene pali bango lambiri asiyeni ngakhale akongole bwanji pa kamera. Ndi kumene ng'ona ndi mvuu zimakonda, komanso nkhono zimene zimafalitsa likodzo zimachuluka m'madzi odekha a zomera zambiri. Funani mchenga woyera, wotseguka, wotsetsereka pang'onopang'ono.

Mukapeza malo otero, yezani. Tengani nsungwi ya mamita awiri, muilembe mizere pa masentimita 10 alionse, ndipo munthu wamkulu wodziwa kusambira alowe nayo m'madzi, akuyenda phazi ndi phazi m'dera lonse limene ana adzaponde, ndi kupitirira mamita asanu mbali zonse. Akufufuza maenje, miyala yoterera, maukonde akale, zingwe za nangula ndi pamene pansi pamagwa mwadzidzidzi. Lembani kuti pa mita yachitatu kuchokera pamchenga madzi ndi akuya masentimita angati, pa mita yachisanu angati, mpaka pamene afika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Kwa mnyamata wa zaka 7, malire anga ndi m'maondo mwake, omwe ndi pafupifupi masentimita 30 mpaka 35. Ena amati m'chiuno n'chimodzimodzi, koma mwana amene waima m'madzi a m'chiuno funde limodzi limam'chotsa mapazi pansi.

Miyezo imeneyi imatha ntchito msanga. Madzi a nyanja ya Malawi amakwera mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto a chaka. Mu 2024 anakwera kwambiri moti analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima. Gombe limene munajambulapo chaka chatha si limene mudzalipeze chaka chino, ndipo ngakhale sabata imodzi ya mafunde amphamvu imasuntha mchenga wa pansi. Choncho muyeso womwewo mudzaubwereza m'mawa wa tsiku lojambula.

Musanabwerere, yendani ulendo wochoka pa gombe kukafika ku chipatala chapafupi ndi galimoto, mukuyang'ana wotchi. Kuchokera ku Senga Bay kukafika m'tauni ya Salima, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma, ndi pafupifupi makilomita 20, koma chimene mukufuna kudziwa ndi mphindi zenizeni kuphatikizapo kanjira ka mchenga kotulukira ku gombeko. Onaninso ngati netiweki ya foni imagwira pamalopo, ndipo ndi ya kampani iti.

Chachitatu, perekani manambala ku choopsa chilichonse

Pa pepala jambulani mizati isanu ndi umodzi: choopsa, amene angavulale, mwayi woti chichitike, kukula kwa ngoziyo, chimene muchitepo, ndi dzina la munthu amene achite. Mwayi muupatse nambala kuyambira 1, kutanthauza kuti n'zovuta kwambiri kuti chichitike, mpaka 5, kutanthauza kuti chichitika ndithu. Kukula kwa ngozi nakonso kuyambira 1, kachilonda kongofuna pulasitala, mpaka 5, imfa kapena kulumala. Chulukitsani manambala awiriwo. Chilichonse chimene chafika 15 kapena kuposa sichijambulidwa mmene chalembedwera. Cha pakati pa 8 ndi 12 chimafuna kusinthidwa chisanajambulidwe. Chochepera apo chimajambulidwa mukatsatira zimene mwalemba.

Tiyese ndi mashoti athu. Kuthamanga pamchenga: mwayi woponda mbedza kapena galasi ndi 3, kukula 2, zonse 6. Chochita n'chapafupi, anthu awiri asese ndi kupeta njira yothamangamo ndi reki, ndipo ana avale nsapato nthawi zonse kupatula pamene kamera ikujambula. Bwato lotengeka mwana ali yekha m'madzi a mamita awiri: bwato losema limapendama mosavuta, mwanayo sadziwa kusambira ndipo sikiriputi ikufuna kuti aimirire, ndiye mwayi ndi 4, kukula 5, zonse 20. Kugwa m'madzi mwadala pamalo omwewo ndi 25.

Pali msampha umene anthu ambiri amagwamo pamenepa. Amaona 20, n'kulemba kuti "tidzakhala osamala" kapena "padzakhala wodziwa kusambira", kenako n'kusintha nambalayo kukhala 6. Nambala ya kukula kwa ngozi ya kumira siitsika, imakhalabe 5 nthawi zonse. Chimene mungatsitse ndi mwayi wokha, ndipo mwayi umatsika pokhapokha chinachake chooneka ndi maso chitasintha: kuya kwa madzi, mtunda wa pakati pa mwana ndi wamkulu, kapena amene ali m'bwatomo. Ngati palibe chimene chasintha mwa zitatuzi, nambala yanu yatsopanoyo ndi yabodza.

Chachinayi, sinthani shoti musanaganize za zipangizo

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi ntchito ya wojambula ndi dairekita kuposa ya wina aliyense. Funso loyamba si loti tim'teteze bwanji mwana m'madzi akuya, koma loti tingam'chotse bwanji m'madzi akuyawo woonera osazindikira.

Shoti ya bwato lotengeka ijambulidwe bwato lili m'madzi a masentimita 30, litamangidwa zingwe ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, chilichonse chitagwiridwa ndi msodzi amene waima kunja kwa chithunzi. Wojambula atsitse kamera pafupi ndi madzi, agwiritse ntchito lenzi yokoka patali, monga ya mamilimita 85 kapena kuposa, ndipo aloze kunyanja kuti kumbuyo kwa mwana kuoneke madzi okhaokha ndi thambo. Kamera ikakhala pansi chotero, kuwala kwa pamwamba pa madzi kumabisa mchenga wa pansi ndipo palibe angadziwe kuti bwatolo latsala pang'ono kukhudza pansi. Kutengekako kumachokera kwa asodzi aja, wina akukoka pang'onopang'ono wina akumasula. Mwana akhale pansi m'bwato. Wamkulu mmodzi agwade m'madzi kuseri kwa bwato, pamene dzanja lake lingafike pa mwanayo osasuntha phazi. Tsopano mwayi ndi 1, kukula 5, zonse 5.

Ngati dairekita akufunitsitsa shoti ya patali yoonetsa bwato lili pakati pa madzi, m'bwatomo mukhale msodzi wamkulu wa thupi laling'ono atavala malaya ofanana ndi a mwanayo, atatembenukira kumbali. Pa mtunda wa mamita 60 kusiyana kwake sikuoneka. Musagwiritse ntchito mwana wa m'mudzimo ngati mlowam'malo poganiza kuti poti amadziwa kusambira ndiye palibe vuto. Nayenso ndi mwana, ndipo kum'lipira kuti achite chimene mwakanira mwana wa m'tauni n'kulakwa kowirikiza.

Kugwa kujambulidwe m'zidutswa zitatu. Choyamba, bwato likokeredwe pamchenga wouma, mwana aimirire m'menemo, anthu awiri aligwedeze ndi manja, kamera ijambule kuchokera pansi kuti kumbuyo kukhale thambo, ndipo mwanayo apendamire m'manja mwa wamkulu amene ali kunja kwa chithunzi, pansi pali matiresi. Chachiwiri, nkhope ya mlongo wake ataima pamchenga akukuwa. Chachitatu, madzi akuthovoka pambali pa bwato lopanda munthu, chifukwa wina waponyamo thumba la mchenga. Mukalumikiza zitatuzi ndi phokoso la madzi, woonera amalumbira kuti waona mwana akugwa. Ine ndimaona kuti nkhope ya mlongoyo imagwira mtima kuposa kugwa kwenikweniko, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Shoti yachisanu, ya nkhope m'madzi, ndi imene ndimalimbana nayo kwambiri ndi madairekita. Mwana amene akuchita sewero la kumira ndi mwana amene akumiradi amaoneka mofanana pa monita, ndipo gulu lonse likhoza kumuyamikira kuti akusewera bwino pamene akutsamwa. Ngati shotiyo siingachotsedwe, mwanayo akhale pansi m'madzi ofika pachifuwa chake ali chikhalire, wamkulu atamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri pansi pa madzi, mutu wake usalowe m'madzi ngakhale kamodzi, ndipo madzi a kumaso am'thire ndi kapu kuchokera m'chigubu cha madzi akumwa. Kujambula kulikonse kusapitirire masekondi 10.

Zonsezi zikatha ndi pamene timafika pa majekete oyandamitsa. Mwana aliyense avale jekete nthawi iliyonse imene ali pafupi ndi madzi ndipo kamera sikujambula, komanso poyeserera. Jekete ikhale ya msinkhu wake. Yeserani pomumanga bwinobwino n'kukoka jeketeyo m'mapewa: ikakwera mpaka kufika m'makutu kapena kuchibwano, ndi yaikulu, ndipo m'madzi mwanayo adzapulumukamo n'kutsika pansi jekete n'kutsala pamwamba. Ya ana iyenera kukhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Machubu a matayala ndi timapilo topopa ta m'manja ndi zoseweretsa, musaziwerengere.

Chachisanu, makolo, chilolezo ndi thanzi la mwana

Malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutsatira kusintha kwa malamulo aakulu kwa mu 2017. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 14 ndiponso kupatsa ntchito yoika moyo pachiswe a zaka 14 mpaka 18, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa zonse. Poti ana a m'chitsanzo chathu ndi a zaka 9 ndi 7, kambiranani ndi ofesi ya za ntchito ndi ya zosamalira anthu ya m'boma lanu musanakonze tsiku, ndipo musajombetse mwana kusukulu chifukwa cha filimu.

Kalata ya chilolezo ilembedwe m'chinenero chimene kholo limawerenga, ndipo inene zenizeni. Osati "mwana adzatenga nawo mbali pa kujambula ku Salima", koma kuti adzakwera bwato lomangidwa m'madzi ofika m'maondo, adzakhala pansi m'madzi atagwiridwa ndi wamkulu, ndipo adzanyowa kwa mphindi zosapitirira zakutizakuti. Mwanayo mum'fotokozerenso payekha m'mawu ake, ndipo mumuuze kuti akanena kuti sakufuna, palibe amene adzam'kalipire. Ana athu analeredwa kuti asamakane wamkulu, choncho kungokhala chete kwake musakutenge ngati kuvomera. Yang'anani ngati akukakamira chitenje cha mayi ake kapena wasiya kuseka.

Funsani kholo mwachindunji, pambali, ngati mwanayo anagwapo khunyu, ali ndi mphumu, kapena akumwa mankhwala alionse. Makolo ena amabisa khunyu poopa manyazi kapena poopa kuti mwana ataya mwayi. Auzeni kuti mwayi sataya, mudzangosintha mashoti ake kuti onse akhale a pamtunda, chifukwa mwana akagwa khunyu amamira ngakhale m'madzi ofika m'kakolo. Kholo likanena kuti mwana amasambira, lembani, koma konzani zonse ngati kuti sasambira. Muwauzenso za likodzo: madzi a m'nyanja akhoza kukhala nalo ngakhale pamalo ooneka oyera, zizindikiro monga magazi mu mkodzo zimachedwa kuoneka, ndipo ndi bwino kupita ndi mwanayo kuchipatala pakatha miyezi iwiri kuti akamuyeze. Mtengo wa zimenezo ukhale wanu.

Chachisanu ndi chimodzi, gawani maudindo ndi mayina

Munthu wofunika kwambiri tsikulo ndi woyang'anira madzi. Alibe ntchito ina. Sanyamula chounikira, sagwira foni, sayang'ana monita. Amaima chopenya ana, ali ndi wezulo pakhosi, chingwe cha mamita 15 chomangidwa ku chigubu chopanda kanthu cha malita 5 chotsekedwa bwino, ndi nsungwi yaitali. Akhale wodziwa kusambira bwino ndiponso wophunzitsidwa chithandizo choyamba. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi. Maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi, ndiye pakhale awiri osinthana pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse, ndipo posinthana wina anene mokweza kuti "ndalandira ana awiri" mnzakeyo asanachoke.

Mwana aliyense wolowa m'madzi akhale ndi wamkulu wakewake amene ali pa mtunda wa dzanja. Pamtunda pakhale wosamalira ana, makamaka mayi, amene amaona za chakudya, mthunzi, zovala ndi kuchimbudzi. Malo osinthira zovala akhale otchingidwa, ndipo pasapezeke wamkulu amene ali yekha ndi mwana yemwe si wake pamalo obisika. Dalaivala asachoke, galimoto iimikidwe italoza kotulukira, ili ndi mafuta, makiyi ali m'thumba mwake. Minibasi imene yapita kukagula nsomba pa nthawi ya ngozi ndi chimodzimodzi kusakhala nayo.

Ndipo gwirizanani pamaso pa onse kuti wezulo ikalira kamodzi motalika, chilichonse chimaima, kamera ikhale ikujambula kapena ayi. Aliyense, ngakhale wonyamula zikwama, ali ndi ufulu wofuula kuti "imani". Dairekita anene yekha mawu amenewa m'mawa pamaso pa gulu, chifukwa achinyamata ambiri sangayerekeze kudula shoti ya bwana ngati bwanayo sanawalole ndi pakamwa pake.

Pali ana ena amene mapepala ambiri amawaiwala: a m'mudzimo. Kamera ikangotuluka m'chikwama amabwera ambirimbiri, ena atabereka makanda kumbuyo, ndipo amalowa m'madzi kuti aonekere kumbuyo kwa chithunzi kapena kukwera maboti oyandikana nawo. Pemphani amfumu akupatseni anthu awiri a m'mudzimo, muwalipire, kuti aimike anawo kuseri kwa chingwe chimene mwamanga pamtunda. Mawu a munthu amene amawadziwa mayina ndi makolo awo amamveka kuposa anu. Anthu omwewo adziwitsenso asodzi kuti kukuwa kumene amve ndi kwa sewero, kuti wina asadumphire m'madzi kapena kubwera ndi boti la injini mothamanga pamene ana ali.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani zimene zidzakuimitseni

Izi zilembedwe dzulo lake, mitu ili yozizira, chifukwa pa tsikulo, ndalama ya minibasi italipidwa kale ndipo dzuwa likupendeka, aliyense adzapeza chifukwa chopitirizira. Julaye ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imautsa mafunde aakulu ndipo ikhoza kuomba masiku angapo osaleka. Mverani machenjezo a nthambi yoona za nyengo pa wailesi, koma chizindikiro chapafupi ndi asodzi: ngati iwo akokera mabwato awo kumtunda, ana salowa m'madzi. Mukaona mafunde a thovu loyera chapatali, kapena funde likufika pamwamba pa maondo a mwana pamalo amene munayeza, imani. Madzi akavunduka moti simukuona mapazi anu pansi, imani. M'nyengo ya mvula, mukamva bingu onse atuluke m'madzi ndi kuchoka pa gombe, alowe m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Musajambule ana m'madzi mbandakucha kapena chisisira, ngakhale kuwala kwake kumakoma, chifukwa ndi nthawi imene ng'ona ndi mvuu zimayendayenda ndipo maso saona bwino pansi pa madzi.

Kuzizira nakonso kuli pa mndandandawu. Mwana wonyowa amene waima pa mphepo ya Julaye amazizidwa msanga kuposa wamkulu. Ine ndimaika malire a mphindi 10 m'madzi, kenako thawulo, zovala zouma ndi tiyi. Akayamba kunjenjemera, mano kugundana kapena milomo kuchita mbuu, tsiku lake la m'madzi latha. Konzani malaya a sewero atatu ofanana kuti asavalenso chonyowa.

Magetsi a jenereta asayandikire madzi. Masana ku nyanja kuwala n'kokwanira, gwiritsani ntchito zobwezera kuwala ndi nyali za mabatire. Droni isauluke pamwamba pa mitu ya ana.

Konzaninso mashoti a pamtunda amene mungajambule nyanja ikakana. Gulu limene lili ndi chochita china silikakamira madzi oipa.

Pa msewu, ndi pa nthawi ya nkhomaliro

Ulendo wa pa msewu wa M14 kuchoka ku Lilongwe nawonso ulowe pa pepala lija. Mwana aliyense akhale ndi mpando wake ndi lamba, osati pamiyendo pa munthu kapena pamwamba pa mabokosi a zipangizo, ndipo konzani nthawi kuti mubwerere kusanade. Mukaima panjira ana atsikire mbali ya kumanzere, kutali ndi magalimoto, wamkulu atatsika kale. Ngati pali shoti ya ana akuoloka msewu wopita ku gombe, lamulo lake ndi lomwe lija la madzi: sankhani kanjira ka m'mudzi kamene mungatseke mbali zonse ziwiri mogwirizana ndi amfumu ndi apolisi a pamsewu, osati kuima pa msewu waukulu n'kumadikira mpata pakati pa malole ndi akabaza.

Nthawi yoopsa kwambiri si ya kujambula, pamene aliyense ali tcheru, koma ya nkhomaliro ndi ya kulongedza katundu, pamene aliyense akuganiza kuti ana ali ndi wina. Woyang'anira madzi samasuka mpaka ana atakwera galimoto. Awerengeni mokweza pofika, musanadye, mukatha kudya, ndi ponyamuka.

Zikavuta

Gawo lomaliza la pepala lanu likhale lalifupi moti munthu wamantha angathe kulitsatira, ndipo muliyeserere kamodzi m'mawa ana asanalowe m'madzi. Mwana akasowa, yambani kufufuza m'madzi, osati kumsika kapena kuchimbudzi. Akakhala m'madzi patali ndi dzanja, m'patseni nsungwi kapena m'ponyereni chigubu cha chingwe. Alowe ndi woyang'anira madzi yekha, ena onse atulutse ana otsala ndi kuwawerenga.

Mukam'tulutsa, m'gonekeni chagada pamalo olimba, muweramutse mutu pang'ono ndi kukweza chibwano, ndipo muone ngati akupuma kwa masekondi osapitirira 10. Ngati sakupuma bwinobwino, m'pumireni m'kamwa kasanu mutatsina mphuno, mukuona chifuwa chikukwera, chifukwa chimene womira akusowa ndi mpweya. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, mozama gawo limodzi mwa magawo atatu a chifuwacho, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kumupumira kawiri, ndipo pitirizani chomwecho osaleka, ngakhale m'galimoto, mpaka atayamba kupuma kapena achipatala atam'landira. Musataye nthawi kumuzondotsa kapena kum'finya pamimba kuti madzi atuluke. Zimenezo zimangom'sanzitsa ndi kuchedwetsa mpweya. Ngati akupuma koma sakudziwa kanthu, m'gonekeni chammbali, m'vuleni zonyowa ndi kum'funditsa.

Pa pepalapo palembedwe dzina la woimba foni, la wonyamula mwana, la wotsala ndi ana ena, ndi nambala ya chipatala imene munaiyesa kale kuti imayankhidwa. Mwana aliyense amene wamira, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo akutsokomola, akupuma mofulumira kapena akuoneka wofooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale atanena kuti ali bwino, chifukwa mapapo amene mwalowa madzi akhoza kuyamba kuvuta patapita maola angapo. Kholo lipite naye limodzi, ndipo pepala limene munalembapo zimene kholo linanena za mphumu, khunyu ndi mankhwala likhale m'manja mwa amene wakwera naye galimoto.